Pampu ya K6 miliyoni: masamu amene wogulitsa sakuwerengerani

Pa chionetsero cha zaulimi, wogulitsa pampu yoyendera dzuwa amakhala ndi masamu okoma m'khutu. Pampu, mapanelo a sola, mapaipi ndi thanki zonse pamodzi ndi K6 miliyoni. M'zaka zisanu dimba lidzabweza ndalama zoposa K16 miliyoni. Chotsani mtengo wa pampu, akutero, phindu lanu ndi K10 miliyoni ndi kanganyase pamwamba. Mlimi amene watopa ndi kunyamula wotakeni kuchokera kumtsinje mpaka msana kuchita kuthyoka, akamva zimenezi mtima umagunda.

Wogulitsayo mwina sakunama ayi. Vuto ndi loti akuphatikiza ndalama zimene siziyenera kuphatikizidwa zili chomwecho. K6 miliyoni ikutuluka m'thumba lero, yonse nthawi imodzi, pamene K16 miliyoni ikubwera modontha, ina chaka chamawa, ina patapita zaka zisanu, ndipo chaka china imabwera yochuluka, china yongokwana kugulira mchere. Kwacha ya lero ndi kwacha ya zaka zisanu zikubwerazi sizilemera mofanana. Akatswiri a zachuma ali ndi njira yozibweretsera zonse pa sikelo imodzi, ndipo yankho lake ndi phindu lenileni la chipangizocho poliyeza ndi ndalama ya lero. M'mabuku a zowerengera ndalama komanso pa kompyuta limalembedwa mwachidule kuti NPV. Mmodzi mwa anthu amene anaikonza bwino nzeru imeneyi ndi Irving Fisher, katswiri wa ku America amene analemba buku lotchuka la chiwongoladzanja mu 1930, koma maziko ake mayi aliyense wa banki m'khonde amawadziwa kale.

Mufunseni mayi ameneyo ngati angalole kubwereketsa K100,000 lero n'kudzalandira K100,000 yomweyo chaka chamawa. Akusekani. Ndalamayo ikanakhala m'manja mwake ikanaswa. Tiyerekeze kuti ikanaswa ndi 30 peresenti pa chaka: K100,000 ikanasanduka K130,000. Tsono tembenuzani funsolo. Munthu akalonjeza kudzapereka K130,000 chaka chamawa, lonjezolo lero likulemera bwanji? Likulemera K100,000, chifukwa 130,000 kugawa ndi 1.3 ndi 100,000. Lonjezo la zaka ziwiri limagawidwa ndi 1.3 kawiri, la zaka zitatu katatu. Chinsinsi chonse ndi chimenechi, zotsalazo ndi kusamala basi.

Ndalama ziti zimalowa m'masamuwa

Kusamalako kumayambira pa pepala, kakyuleta isanagwiridwe n'komwe. Titenge chitsanzo chongoyerekeza cha mlimi wa dimba ku Ntcheu amene amalima tomato, anyezi ndi chimanga chachiwisi n'kumagulitsa kwa mavenda a pa Tsangano ndi pa Lizulu. Manambala onse a mlimiyu ndi opeka kuti njira ioneke bwino; aliyense aike ake.

Chaka choyamba ali ndi pampu, mlimiyu akuyembekeza kugulitsa mbewu za K4.6 miliyoni. Iyi si ndalama yolemba m'masamu. Choyamba achotse zolowa: mbewu, feteleza, mankhwala opopera, aganyu, galimoto yopititsa madengu kumsika, ndi mlonda, pakuti mapanelo a sola ogona okha kudimba amakopa akuba. Zonsezo tinene kuti ndi K1.9 miliyoni, ndiye kwatsala K2.7 miliyoni. Apa ndi pamene anthu ambiri amaimira, koma pali chinanso chochotsa. Mlimiyu sanali kungokhala pampu isanabwere. Ndi wotakeni wake yemweyo amapeza K700,000 pa chaka, ndipo akanapitiriza kuipeza ngakhale osagula kanthu. Pampu siyenera kutamandidwa chifukwa cha ndalama imene ikanabwera ndithu. Choncho chimene pampu yaonjezera chaka choyamba ndi K2 miliyoni.

Palinso zinthu zimene siziyenera kulowamo ngakhale mtima ukufuna. Ngati mlimiyu anakumbitsa chitsime chaka chatha, ndalama ija inapita. Agule pampu, asagule, sibwerera, ndiye ilibe mawu pa chisankho cha lero. Ngati pampu akuigula pa ngongole, chiwongoladzanja chimene azidzalipira asachichotse pa ndalama za chaka ndi chaka, chifukwa kugawa ndi 1.3 kuja kukuwerengera kale mtengo wa ndalama. Akachichotsanso ndiye kuti walanga pampuyo kawiri pa mlandu umodzi.

Zaka zinazo akaziwerenga chimodzimodzi, tinene kuti zikutuluka motere. Chaka chachiwiri wazolowera, wakulitsa dimba, wapeza msika wodalirika: K3.5 miliyoni. Chaka chachitatu wachiika dala kuti ndi choipa, madzi achepa m'chitsime, tomato wagwa mtengo ndipo pampu yafuna kukonzedwa: K1.2 miliyoni. Chachinayi K4.5 miliyoni. Chachisanu K4 miliyoni, kuphatikizapo K1 miliyoni imene angapeze atagulitsa mapanelo ndi thanki kumapeto, zonse K5 miliyoni. Kuphatikiza zaka zisanuzi ndi K16.2 miliyoni, monga ananenera wogulitsa uja.

Chaka choipacho sichinaikidwemo mwamantha chabe. Aliyense wolima m'Malawi akukumbukira namondwe wa Freddy amene anakokolola minda m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, ndipo patangotha chaka chimodzi, mu Malichi 2024, boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. Ndondomeko ya zaka zisanu yopanda chaka choipa ndi maloto.

Kuzibweretsa ku lero

Mlimi wathu wasankha 30 peresenti ngati mtengo wa ndalama yake; za mmene nambalayi imasankhidwira tifikako. Tsopano chaka chilichonse chigawidwe pachokha.

K2 miliyoni ya chaka choyamba kugawa ndi 1.3 ikutsala K1,538,462. Ya chaka chachiwiri igawidwa ndi 1.3 kawiri, kapena kunena kuti ndi 1.69, ndipo K3.5 miliyoni ikutsika kufika pa K2,071,006. Chaka chachitatu chogawira ndi 2.197, ndiye K1.2 miliyoni ija ikutsala K546,199. Chachinayi chogawira ndi 2.8561, ndipo K4.5 miliyoni ikusanduka K1,575,575. Chaka chachisanu ndiye chochititsa chidwi kwambiri: K5 miliyoni, ndalama yaikulu kuposa zonse pa pepala, ikagawidwa ndi 3.71293 ikutsala K1,346,645 yokha, kuchepera ngakhale K2 miliyoni ya chaka choyamba ija.

Zisanuzi pamodzi ndi K7,077,887. Kuchotsapo K6 miliyoni yogulira pampu, imene sigawidwa ndi kanthu popeza ikutuluka lero lomwe, kukutsala K1,077,887. Iyi ndiyo NPV ya pampuyi.

Phindu la K10.2 miliyoni lija lafota mpaka K1.08 miliyoni. Komabe yankho lili pamwamba pa ziro, ndipo lamulo lake ndi losavuta: likakhala pamwamba pa ziro, chipangizo chikubweza mtengo wake, chikulipira 30 peresenti ija, n'kusiyanso kenakake. Likakhala pansi pa ziro, ndalamayo ingachite bwino kwina. Anthu ena amasokonezeka apa n'kumaganiza kuti mlimi adzangopeza K1.08 miliyoni m'zaka zisanu zonse. Ayi. Imeneyi ndi ya pamwamba, yotsala ndalama yake itaswa kale ndi 30 peresenti chaka chilichonse.

Wokayikira angathe kutsimikiza ndi njira ina, yoti ngakhale mlembi wa kalabu ya alimi angailondole m'kope lake. Tiyerekeze kuti K6 miliyoni yonse ndi ngongole ya 30 peresenti, ndipo ndalama iliyonse imene pampu yabweretsa ikupita kukabweza. Pakutha pa chaka choyamba ngongole yakwera kufika K7.8 miliyoni, walipira K2 miliyoni, yatsala K5.8 miliyoni. Chaka chachiwiri yakwera kufika K7.54 miliyoni; walipira K3.5 miliyoni, yatsala K4.04 miliyoni. Chaka chachitatu chiwongoladzanja chokha ndi K1,212,000 pamene dimba lapereka K1.2 miliyoni, ndiye ngongole m'malo motsika yakwera pang'ono kufika K4,052,000. Chaka chachinayi akalipira K4.5 miliyoni ikutsala K767,600. Chaka chachisanu akuimaliza n'kutsala ndi K4,002,120 m'manja. Gawani ndalama imeneyi ndi 3.71293, mupeza K1,077,887 yomwe ija.

Njira yachiwiriyi yaulula chinthu chimene nambala imodzi ya NPV imabisa. Patatha zaka zitatu zathunthu akuthirira, mlimiyu akadali ndi ngongole yoposa K4 miliyoni, ndipo m'chaka chachitatucho dimba silinakwanitse ngakhale chiwongoladzanja. Banki yeniyeni sidikira kuti chaka chabwino chifike. Ili ndi masiku ake olipirira. Pampu ikhoza kukhala yaphindu pa pepala, mwiniwake n'kulandidwa katundu pakati pa ulendo.

Msampha wa kugawa mofanana

Popeza kugawa chaka ndi chaka n'kotopetsa, pali chidule chimene chimakopa anthu ambiri, ngakhale ophunzira. Amatenga K16.2 miliyoni, n'kugawa ndi zaka zisanu, n'kunena kuti pampu izibweretsa K3.24 miliyoni chaka chilichonse. Masamu amaoneka aukhondo. Koma K3.24 miliyoni ya chaka chilichonse ikabweretsedwa ku lero pa 30 peresenti yomweyo imapereka pafupifupi K7.89 miliyoni, ndipo NPV imakwera kufika pafupifupi K1.89 miliyoni. Mlimi wadzinamiza ndi K800,000 ndi kupitirira, osasintha ngakhale dengu limodzi la tomato.

Chachitika n'chiyani? Kugawa mofanana kwabera ndalama ku zaka zakutali, kumene ndi zopepuka, n'kuziika ku zaka zoyambirira, kumene ndi zolemera. Chaka choyamba chimene chinali ndi K2 miliyoni chapatsidwa K3.24 miliyoni imene mlimi sadzaiona nthawi imeneyo. Ndipo ulimi wambiri umayenda momwemu: umayamba mofooka munthu akuphunzira, n'kumalimba pambuyo pake. Wodzala makadamiya kapena mango amadikira zaka zingapo asanathyole kanthu. Pa ulimi wotere, kugawa mofanana kumakometsa zinthu nthawi zonse.

Nthawi imene chaka choipa chagwera nayonso ili ndi mtengo wake. Tisinthanitse chaka chachiwiri ndi chachitatu, kuti ng'amba ibwere msanga ndi chaka chimodzi. Ndalama zonse zikadali K16.2 miliyoni, palibe tambala yasowa. Koma K1.2 miliyoni tsopano ikugawidwa ndi 1.69, ndipo K3.5 miliyoni yakankhidwira ku 2.197. NPV ikutsika kufika K763,822. Kungosuntha kwa chilala kwadya ndalama zoposa K300,000.

Nambala yovuta kuposa zonse

Tibwerere kwa 30 peresenti uja, chifukwa yankho lonse lapachikika pa iye. Funso lofunika ndi loti ndalama imeneyi ikumudyera zingati mlimiyu. Ngati ndi ngongole, chiwongoladzanja cha ngongoleyo ndicho poyambira, kuphatikizapo tindalama tina timene obwereketsa amadula poyamba. Banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, inakweza chiwongoladzanja chake kufika 26 peresenti mu Febuluwale 2024, ndipo mabanki wamba pobwereketsa mlimi amaikapo chawo pamwamba. Ngati ndalama ndi yake, afunse chimene ikanamubweretsera pa ntchito ina yabwino koposa imene angathe kuichita: kupikula soya nthawi yokolola n'kudzagulitsa mitengo itakwera, kuweta nkhumba, kapena kuisunga kubanki. Ndalama ya m'thumba si yaulere chifukwa choti palibe wobwera kudzailonjerera.

Pampu yathu pa 35 peresenti ikadali pabwino, NPV ndi K359,526. Pa 40 peresenti yamira, yankho ndi K247,338 pansi pa ziro. Posinthira pali pafupi ndi 38 peresenti. Nambala imeneyi mlimi aisunge pamtima popita kukakambirana za ngongole, chifukwa wobwereketsa aliyense wofuna zoposa pamenepo akutenga phindu lonse la pampu n'kuonjezanso.

Za ngongole ya pamwezi ndiye musakambe. M'magulu ambiri a banki m'khonde anthu amabwerekana pa 10 peresenti kapena kuposa pa mwezi. Pa malonda a mandasi kapena kaunjika, amene ndalama imazungulira m'masabata ochepa, zimenezi zikhoza kutheka. Koma 10 peresenti ya pamwezi ikasiyidwa kuti iziswana chaka chathunthu imafika 214 peresenti. Palibe pampu imene ingathamange liwiro limenelo, ndipo katapila ndiye kuika moto padenga.

Pali cholakwa china chobisika kwambiri, chimene chimapha ngakhale malingaliro abwino. Chiwongoladzanja cha 30 peresenti chili ndi kukwera kwa mitengo ya zinthu m'kati mwake. Choncho ndalama za zaka zikubwerazo ziyenera kulembedwa pa mitengo ya zaka zimenezo, monga tachitira m'chitsanzo chathu, pomwe K4.5 miliyoni ya chaka chachinayi ndi makwacha enieni amene mlimi akuganiza kuti adzawagwira m'manja. Munthu akalemba zaka zonse zisanu pa mtengo wa tomato wa lero, kenako n'kugawa ndi 1.3, wasakaniza miyezo iwiri, ndipo pafupifupi chipangizo chilichonse chidzaoneka cholephera. Wofuna kugwiritsa ntchito mitengo ya lero achotse kaye kukwera kwa mitengo m'chiwongoladzanja. Ngati akuyembekeza kuti zinthu zizikwera ndi 25 peresenti pa chaka, agawe 1.30 ndi 1.25, apeza 1.04, kutanthauza 4 peresenti yokha. Njira zonse ziwiri n'zolondola, koma asankhe imodzi n'kukhala nayo mpaka kumapeto.

Ndipo mitengo sikwera mofanana. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Feteleza, mankhwala ndi zitsulo zokonzera pampu zimachokera kunja, ndiye zimalumpha nthawi yomweyo kwacha ikagwa. Tomato alibe mwayi umenewo. Mtengo wake umatsatira kuchuluka kwa madengu pamsika tsiku limenelo. Mlimi wochenjera amakweza zolowa mofulumira kuposa zogulitsa polemba zaka zakutsogolo. Mbali ina, apa ndi pamene pampu ya dzuwa imaposera ya petulo: ndalama yake yambiri imalipidwa kamodzi pa mtengo wa lero, pamene ya petulo ndi yotsika mtengo pogula koma imamwa mafuta chaka chilichonse pa mtengo umene palibe akuudziwa. Kuti mlimi adziwe yabwino kwa iye, awerenge NPV ya iliyonse pa zaka zofanana n'kuyerekeza.

Pa foni kapena pa kompyuta

Amene ali ndi Excel kapena Google Sheets angathe kupeza yankho ndi mzere umodzi:

```
=NPV(0.3,2000000,3500000,1200000,4500000,5000000)-6000000
```

Onetsetsani kuti K6 miliyoni ili kunja kwa mabulaketi. Pulogalamuyi imatenga nambala yoyamba ya m'kati ngati ndalama yobwera pakutha pa chaka choyamba, ndiye mtengo wa pampu ukaikidwa m'katimo umagawidwa ndi 1.3 ngati kuti udzalipidwa chaka chamawa, ndipo zaka zina zonse zimakankhidwa ndi chaka chimodzi. Yankho limatuluka K829,144 m'malo mwa K1,077,887. Chinanso, ngati manambala akuchokera m'timabokosi ta tebulo, chaka chimene simupeza kanthu mulembemo 0. Kabokosi kosiyidwa kopanda kanthu pulogalamu imakadumpha, ndipo zaka zotsatira zimasendera kutsogolo mwakachetechete.

Masamuwa amatenganso ngati ndalama yonse ya chaka imafika tsiku lomaliza la chakacho. Dimba lothiriridwa limakolola kawiri kapena katatu pa chaka, choncho ndalama ina imafika msanga, ndipo yankho lenileni limakhala lokwererapo pang'ono. Kulakwitsa kwa mbali imeneyi sikuvulaza munthu.

Kugwedeza yankho

K1.08 miliyoni yatuluka m'manambala ongoyembekezera, ndiye iyenera kugwedezedwa kuti ione ngati ili yolimba. Njira yachangu ndi kugawa K1,077,887 ndi K7,077,887. Yankho ndi pafupifupi 15 peresenti. Kutanthauza kuti ndalama zimene pampu ikubweretsa zikangotsika ndi 15 peresenti chaka chilichonse, phindu lonse latha. Kwa munthu amene anaonapo mtengo wa dengu la tomato ukugwa ndi theka nthawi imene aliyense wakolola, mpata umenewu ndi wopapatiza.

Ayesenso ngozi imodzi imodzi. Akuba akazula mapanelo m'chaka chachiwiri, kugula ena pa K1.5 miliyoni kukudya K887,574 ya lero, ndipo NPV ikutsala K190,313, kupulumukira pa kam'bowo ka singano. Madzi osefukira akakokolola mbewu zonse za chaka chachiwiri, mlimi n'kungobweza zolowa zokha, K2,071,006 yachoka ndipo yankho lamira ndi K993,119. Pamenepa munthu amaona poyenera kuika mphamvu: mpanda wolimba, mlonda wodalirika, ndi kudzala mosiyanitsa masabata kuti tomato yense asapse nthawi imodzi ndi wa anzake.

Pali zina zimene pepala silingayeze bwinobwino, monga msana wa mayi amene sakusenzanso madzi, ndiwo zapakhomo chaka chonse, kapena mkangano ndi anansi akumunsi mtsinje ukaphwa. Mlimi ali ndi ufulu wogula pampu ya NPV yochepa chifukwa cha zoterezi, bola akudziwa kuti akuzigula pa mtengo wanji.

Tsono pampu ya ku Ntcheu ija igulidwe? Ndi ndalama yakeyake, kapena ngongole yosapitirira 30 peresenti imene malipiro ake akutsatira nyengo yokolola, igulidwe, koma mlimiyo asunge padera ndalama yodutsira chaka choipa. Pa 35 peresenti phindu latsala lochepa moti kubedwa kamodzi kokha kulifafaniza, ndiye ndi bwino kunenerera mtengo wa pampu kuti utsike kapena kuyamba ndi yaing'ono. Ngongole ikafika 38 peresenti kapena kupitirira, wotakeni apitirize ntchito chaka china.